Kuika nkhope pamutu wina mu Photoshop popanda msoko kuoneka

Pachithunzi cha chinkhoswe tonse taoneka bwino, koma agogo anatsinzina. Pa chinzake maso awo ndi otsegula. Ndiyambire pati?

Musanagwire chida chilichonse, ikani zithunzi ziwirizo pambalipambali muone mthunzi wa mphuno. Ngati pa china wagwera kumanzere koma pa chinzake kumanja, kapena pa china agogo aweramitsa mutu pomwe pa chinzake adzutsa chibwano, kasakeni chithunzi chachitatu. Mtundu wa khungu umakonzeka, kukula kwa nkhope kumakonzeka, koma komwe kuwala kukuchokera n'kovuta kubisa. Zithunzi zojambulidwa motsatizana pamalo amodzi ndiye zimagwirizana bwino.

Mukapeza choyenera, zungulizani nkhopeyo ndi Lasso Tool. Tengani mowolowa manja, mpaka tsitsi, makutu ndi khosi, chifukwa zotsalazo mudzazibisa pambuyo pake. Dinani Ctrl+C, pitani pachithunzi chachikulu, dinani Ctrl+V. Nkhopeyo ibwera pa leya yakeyake. A Mac agwiritse Cmd m'malo mwa Ctrl.

Ndidziwa bwanji kuti yakhala pamalo pake?

Maso ndiwo muyeso. Tsitsani Opacity ya leya yatsopanoyo ifike 50% kuti muziona nkhope zonse ziwiri pamodzi, kenako dinani Ctrl+T. Kokani mpaka ngodya ya diso limodzi igone pa inzake ya pansi. Gwirani Alt ndi kudina pangodya pomwepo, kuti chithunzi chizizungulira pamenepo. Tsopano potolozani, ndipo pokuza kapena kuchepetsa gwiranibe Alt, mpaka diso lachiwiri lifike pake. Mukatero onani mphuno ndi pakamwa. Ngati maso agwirizana koma milomo ikuoneka inayi, mitu ija sinapendekeke mofanana.

Musanatsitse Opacity ndi kudina Ctrl+T, ndi bwino kusankha Convert to Smart Object, kuti nkhope isamafwifwe nthawi iliyonse mukaisintha kukula.

Bwanji osangofufuta m'mbalimo ndi Eraser Tool?

Chomwe mwafufuta chapita, ndipo mawa mukaona kuti munadya nsidze mudzayambiranso. Masiki sifufuta, imangophimba. Bwezani Opacity pa 100%, dinani Add layer mask m'munsi mwa Layers, ndipo pambali pa leya pabwera kabokosi koyera. Lamulo lake ndi limodzi: pomwe mwapaka chakuda pabisika, pomwe mwapaka choyera paoneka. Batani la X limasinthanitsa mitundu iwiriyi.

Tengani burashi, Hardness ikhale 0%. Chotsani zakutali ndi burashi yaikulu, ndipo poyandikira nkhope tsitsani Flow ifike cha m'ma 15% muzipaka mobwerezabwereza. Msoko uzidutsa pakhungu losalala, monga pakati pa chipumi ndi pamasaya. Nsagwada, makutu, duku ndi khosi zisiyeni zikhale za chithunzi cha pansi, poti mithunzi yake ndi yogwirizana kale ndi thupi. Ine pankhani ya agogoyi ndingatenge maso ndi nsidze basi. Mukatenga zochepa, zoti zikugwiritseni zimachepanso.

Burashi ikayamba kudetsa nkhope yeniyeniyo, kapena Photoshop ikakana kupaka, ndiye kuti mwadina pachithunzi osati pamasiki. Bwererani ndi Ctrl+Z, dinani kabokosi kaja. Kugwira Alt ndi kudina kabokosiko kumaonetsa masiki yokha, ndipo timadontho totuwa tomwe munaphonya timaonekera pomwepo.

Msoko wabisika, koma nkhope ikuwala kuposa khosi.

Onjezani leya ya Curves pamwamba pa nkhope, dinani Ctrl+Alt+G kuti ikhudze nkhope yokhayo osati chithunzi chonse. Yambani ndi kuwala, mtundu ubwere pambuyo. Kuti mtundu usakunyengeni, ikani kaye leya ya Black & White pamwamba pa zonse, kokani mzere wa Curves mpaka tsaya latsopano lifanane ndi khungu loyandikana nalo, kenako zimitsani leya ya Black & White ija. Nkhope ikatsala yofiirira, sankhani Red mu Curves momwemo mutsitse pang'ono. Ikaoneka yozizira, yopita kubuluu, tsitsani Blue ndipo chikasu chibwerera.

Palinso china chomwe ambiri amaiwala. Chithunzi cha madzulo chimakhala ndi timchenga, ndiye nkhope yosalala kwambiri imaoneka yomata. Kuzani pa 100% muyerekeze, ndipo ngati zasiyana, dinani pachithunzi cha leya ya nkhope, pitani ku Filter > Noise > Add Noise, yesani 1% kapena 2%, Monochromatic itachongedwa.

Nanga nkhope ya munthu wina pathupi la wina?

Njira ndi yomweyi, kungoti mafupa a nkhope amasiyana, choncho Edit > Transform > Warp ithandiza kukankha tsaya pang'ono kuti lifike pansagwada. Koma pemphani kaye eni nkhope ndi eni thupi. Chithunzi chikalowa pa WhatsApp simungachibwezenso, ndipo wochititsidwa manyazi ndi munthu yemwe sanavomere.

Ndisunge bwanji?

Sungani kawiri. Fayilo ya PSD imasunga maleya ndi masiki, ndiye banja likati diso lakumanzere lakwera, mungotsegula ndi kukonza. JPEG imaphatikiza zonse kukhala chithunzi chimodzi, ndipo ndi yomwe mupite nayo kosindikiza.