Kuopseza Anthu ndi Kolera Sikokwanira Kuti Azisamba M'manja

Ambiri okonza kampeni amakhulupirira kuti munthu akangomva za majeremusi ndi kolera, ayamba kusamba m'manja ndi sopo. Sizitero.

Chiphunzitso cha zikhulupiriro pa zaumoyo, chimene akatswiri a ku America anayambitsa m'zaka za m'ma 1950, chimati kuopa matenda ndi mbali imodzi chabe. Munthu amayerekezanso phindu ndi zopinga, ndipo amafunika chomukumbutsa. Taganizani za mayi amene akudziwa bwino kuti kutsekula m'mimba kungaphe mwana wake, koma sopo amasunga m'nyumba kuti azichapira, pamene chimbudzi chili panja ndipo madzi ndi ochita kukatunga. Kumuuzanso za majeremusi n'kutaya nthawi. Chofunika n'kuika madzi ndi sopo potulukira m'chimbudzi, pamene maso ake agwera asanaganize n'komwe.

Chiphunzitsochi chilinso ndi malire, chifukwa chimamuona munthu ngati wolingalira chilichonse, chonsecho kusamba m'manja ndi chizolowezi. Nyansi komanso manyazi pamaso pa anzathu nthawi zambiri zimakoka kuposa mantha. Poyesa kampeni, musadalire zoyankha pakamwa. Kaoneni ngati sopo wapachimbudzi akutha.