Kulemba mawu a pansi pa kanema wa ulaliki pa YouTube kuti mlendo aupeze: mafunso ndi mayankho

"Timakweza ulaliki Lamulungu lililonse, koma oonera ndi a mumpingo mwathu okhaokha. Chikulakwika n'chiyani?"

Yang'anani kaye mutu ndi mawu amene mumalemba m'bokosi la Description. Makanema ambiri a matchalitchi amangolembedwa kuti mapemphero a Lamulungu, tsiku, ndi dzina la abusa. Membala wa mpingo zimenezi zimamukwanira, chifukwa linki amailandira pa gulu la WhatsApp ndipo abusawo amawadziwa. Mlendo sadziwa dzina la tchalitchi chanu, nanga alilemba bwanji posaka? Iye amalemba chimene chikumuvuta kapena chimene akufuna kumva: "ulaliki wa nkhawa", "Baibulo likuti chiyani za ngongole", "mwana wolowerera", "ulaliki wa Chichewa". YouTube imayerekeza mawu amenewo ndi mawu olembedwa pa mutu wa kanema ndi pa Description. Abusa akhoza kutchula nkhawa kambirimbiri muulalikiwo, koma musadalire kuti makina amva Chichewa chawo n'kudzilembera okha. Ngati mawu akuti nkhawa simunawalembe, wosaka nkhawa n'kovuta kuti afike kwa inu.

"Malo ndi aakulu bwanji, ndipo tiyambe ndi chiyani?"

Mutu umalola zilembo 100, Description imalola zilembo 5,000, kuwerengera mipata yomwe. Koma musanamizidwe ndi kukula kwa malowo. Munthu amaona mizere iwiri kapena itatu yokha yoyambirira, ndipo pa foni amaona yochepa kuposa pamenepo, zotsalazo zimabisika mpaka adine kuti aone zambiri. Ambiri sadina.

Ndiye mizere yoyambayo isathere pa moni. Kulonjera ndi mwambo wathu, n'zoona, ndipo ena amamva ngati kuyamba popanda "tikulandirani m'dzina la Ambuye" ndi mwano. Moniwo usatayidwe, ungotsika pansi. Pamwamba pakhale zinthu zitatu: nkhani ya ulaliki m'mawu a tsiku ndi tsiku, ndime ya m'Baibulo, ndi chilankhulo chimene alalikira. Chilankhulochi ambiri amaiwala, chikhalirecho Mmalawi amene ali ku Joni kapena ku Manchester akamasaka amawonjezera mawu akuti Chichewa kuti asagwere m'maulaliki a Chingerezi. Wa ku Chipata kapena ku Lusaka akhoza kulemba Chinyanja, choncho kutchula onse awiri kamodzi sikulakwa.

"Tisonyezeni chitsanzo chenicheni."

Tiyerekeze kuti abusa alalikira pa Mateyu 6:25-34, pamene Yesu akunena za mbalame za mumlengalenga ndi maluwa a kuthengo. Pa ndondomeko ya mapemphero mutu wake unali "Mulungu Wosamalira". Mutuwo ndi wabwino pa guwa, koma palibe amene amasaka mawu amenewa pakati pa usiku tulo titamuthawa chifukwa cha lendi. Funsani kuti: abusa anayankha funso lanji? Ngati anathera nthawi yambiri pa ndalama za nyumba, sukulu fizi ndi chakudya, funsolo ndi la nkhawa ya mawa. Mutu wa kanema ukhoza kukhala wotere:

```
Nkhawa ya mawa: Yesu anati chiyani? | Mateyu 6:25-34 | Ulaliki wa Chichewa
```

Zilembo zake sizikufika 80, ndipo mawu ofunika ali kumayambiriro, kotero ngakhale foni itadula kumapeto, nkhawa ndi Yesu zionekabe. Description iyambe motere:

```
Kodi Mkhristu achite chiyani nkhawa ya lendi, sukulu fizi ndi
chakudya ikamusowetsa tulo? Ulaliki wa Chichewa pa Mateyu 6:25-34.

0:00 Nyimbo ndi pemphero
38:10 Kuwerenga Mateyu 6:25-34
42:30 Ulaliki: kusiyana kwa nkhawa ndi kukonzekera
1:05:15 Mbalame ndi maluwa
1:24:00 Pemphero la amene ali ndi nkhawa
```

Pakati pa mizere yoyamba ndi mndandanda wa nthawiwo mukhoza kuikapo ndime imodzi ya ziganizo zitatu kapena zinayi, yonena mfundo zimene abusa anatsindika ndi mavesi ena amene anawatchula, monga Afilipi 4:6-7 kapena 1 Petro 5:7. Dzina la mlaliki ndi tsiku zibwere m'ndime imeneyi. Wolemba azikhala ndi kope nthawi ya ulaliki n'kumalemba mawu amene abusa akuwabwereza ndi mphindi imene mfundo yatsopano yayamba. Kudikira Lachitatu n'kumayesa kukumbukira ndiko kumabala mawu opanda mchere ngati "ulaliki wamphamvu, musaphonye".

"Mabuku a m'Baibulo tiwalembe motani, popeza kalembedwe kamasiyana?"

Apa pali kamsampha. Buku Lopatulika limalemba Mateyu ndi Masalmo, pamene Buku Loyera limalemba Mateyo ndi Masalimo. Anthu amasaka ndi kalembedwe ka Baibulo limene anakula nalo, ndipo achinyamata ambiri amangolemba dzina la Chingerezi chifukwa ndi limene lili pa foni yawo. Pa mutu gwiritsani ntchito kalembedwe ka Baibulo limene mumawerenga mutchalitchi mwanu. Mkati mwa Description tchulani kalembedwe kenako kamodzi m'chiganizo chomveka, mwachitsanzo kunena kuti ndimeyi mu Buku Loyera ili pa Mateyo 6. Mzere umodzi wa Chingerezi pansi pa ndime ya Chichewa, wonena nkhani ndi vesi, umathandizanso ana a Amalawi akunja amene Chichewa amamva koma kulemba chimawavuta. Mzere umodzi basi. Simukumasulira ulaliki wonse.

Chaputala ndi vesi zilembedwe ndi manambala, 6:25-34, osati "mutu wachisanu ndi chimodzi".

"Tinalemba nthawi koma kanema sanagawike m'zigawo. Tinaphonya pati?"

Zigawo zimene YouTube imazitcha Chapters zili ndi malamulo ake, ndipo limodzi likaphonyedwa zonse sizioneka. Nthawi yoyamba iyenera kukhala `0:00`. Nthawi zikhale zosachepera zitatu, zondandalikidwa kuyambira yaing'ono kupita yaikulu, iliyonse pa mzere wake. Chigawo chilichonse chisachepere masekondi 10. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti wolemba amayamba ndi `42:30` chifukwa ndi pamene ulaliki ukuyambira, n'kusiya `0:00`. China ndi kulemba kadontho m'malo mwa madontho awiri, `42.30`, kapena kuiwala ola: mphindi 65 ndi masekondi 15 zilembedwe `1:05:15`.

Pali vuto lina lobisika kwa amene amaulutsa mapemphero pompopompo. Ngati mwalemba nthawi kenako n'kudula mphindi 12 zoyambirira mu Editor, chida cha YouTube chodulira kanema, zija kamera inkangoonetsa mipando yopanda anthu, nthawi zonse zimene munalemba zasuntha ndi mphindi 12. Wodina pa "Ulaliki" adzapeza abusa ali kale pakati pa mfundo yoyamba. Dulani kaye, dikirani kuti kudulako kuthe, ndiyeno lembani nthawi mukuonera kanema wodulidwayo.

Ntchitoyi ndi ya mphindi zochepa koma ndi imene imasunga mlendo. Mapemphero athu amatenga maola awiri kapena atatu, ndipo munthu wa bandulo ya tsiku limodzi sangapirire zolengeza za msonkhano wa amayi ndi chopereka cha denga kuti apeze pamene Mawu akuyambira. Ngati muli ndi nthawi, chabwino koposa ndi kudula ulaliki wokha n'kuukweza ngati kanema wapayekha wa mphindi 40 wokhala ndi mutu wakewake.

"Nanga adiresi ya tchalitchi ndi nthawi ya mapemphero?"

Zikhalepo, pansi pa zigawo, ndipo zilembedwe ngati mukulondolera munthu amene sanafikeko. Dzina lonse la mpingo, dera, mzinda ndi dziko: Area 25 yokha siikwanira, onjezani Lilongwe, Malawi. Mipingo ya mayina ofanana ndi yambiri, ndipo dzina la dera ndi limene wosamukira kumene amasaka, monga "tchalitchi ku Ndirande". Tchulani siteji yotsikira minibasi ndi chizindikiro chodziwika chapafupi. Nenani nthawi imene mapemphero a Chichewa ndi a Chingerezi amayamba ngati ali osiyana, komanso ngati pali Sande sukulu ya ana. Nambala ya foni ikhale ya ofesi ya mpingo yoyamba ndi +265, osati ya mkulu wa mpingo amene sanafunsidwe.

Zimenezi sizisintha sabata ndi sabata, ndiye musamazilembe mobwereza. Pa kompyuta, mu YouTube Studio pitani pa Settings, kenako Upload defaults, n'kuzilemba m'bokosi la Description kamodzi. Koma chenjerani: zikalowa zokha zimakhala pamwamba, ndipo wokweza akakhala pachangu amangosiya choncho. Mapeto ake makanema 50 amayamba ndi mzere umodzimodzi wa adiresi. Siyani mzere woyamba wa chikumbutso, monga "LEMBANI NKHANI YA LERO PANO", kuti wokwezayo aufufute n'kulembapo.

Nambala za chopereka zikhale pansi penipeni. Mlendo akaona Airtel Money ndi Mpamba asanadziwe n'komwe kuti ulalikiwo ukunena chiyani, amaganiza zina.

"Mahashitagi ambiri sangatithandize kuonekera?"

Ayi. Atatu ndi okwanira, monga `#Ulaliki #Chichewa #Mateyu6`, opanda mpata pakati pa mawu. Akapitirira 60 YouTube imawanyalanyaza onse. Kuunjika mawu osagwirizana ndi kanemayo, kapena mayina a alaliki otchuka amene mulibemo n'cholinga chokoka anthu, n'kosemphana ndi malamulo a YouTube ndipo kanema akhoza kuchotsedwa. Bokosi la Tags limalola zilembo 500, koma YouTube yomwe imanena kuti ntchito yake posaka ndi yochepa, makamaka limathandiza pa mawu amene anthu amawalemba mosiyanasiyana. Mateyo, Masalimo ndi kalembedwe kena ka dzina la dera lanu ndiwo oyenera mmenemo. Zizindikiro za `<` ndi `>` sizilandiridwa mu Description, ndiye ikakana kusunga yang'anani zimenezo.

"Tidziwa bwanji kuti zikugwira ntchito?"

Pakapita masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, tsegulani kanemayo mu YouTube Studio, dinani Analytics, kenako Reach. Muona kumene oonera akuchokera. Ngati pafupifupi onse ali pa External ndipo ndi WhatsApp kapena Facebook, amenewo ndi anu omwe. Alendo amaonekera pa YouTube search, ndipo mukadina pamenepo mumaona mawu amene anasaka, ngakhale oonera akakhala ochepa kwambiri mndandandawo umatha kukhala wopanda kanthu. Mukapezamo mawu amene simunawaganizire, mwina "kusowa tulo" pa ulaliki uja wa nkhawa, bwererani mukawaike m'chiganizo choyamba. Mutu ndi Description zimasinthika nthawi iliyonse popanda kutaya oonera kapena kusintha linki, choncho maulaliki akale a ukwati, maliro ndi kukhululuka, amene anthu amawasaka chaka chonse, mukhoza kumawakonza awiriawiri sabata iliyonse.