Digiri yakunja si laisensi yogwirira odwala kuno

Mwezi ndi mwezi pamabwera kholo kudzandiuza kuti mwana wapeza malo a unamwino kapena udokotala kunja, ndipo akangobwera ndi pepala ntchito yapezeka. Ayi ndithu. Sukulu imapereka digiri, koma chilolezo chogwira wodwala m'Malawi muno chimachokera ku khonsolo. Anamwino ndi azamba ali ndi khonsolo yawo ku Lilongwe, madokotala nawonso ali ndi yawo. Ngati dzina lako silili m'kaundula wawo, ngakhale jakisoni suloledwa kubaya.

Nkhani imene imandisowetsabe mtendere ndi ya mtsikana wina wa kufupi ndi ku Thekerani. Bambo ake amalima tiyi ndi nthochi, ndipo anagulitsa gawo la munda kuti alipire dobadoba amene anamupezera sukulu ya unamwino kunja. Patatha zaka zinayi anabwera kwa ine atanyamula satifiketi yokongola, yoikidwa kale m'felemu. Ine sindinaiyang'ane kawiri. Ndinati, "Mwanawe, ndionetse pepala la maphunziro ako onse ndi maola amene unakhala mu wodi."

Pamenepo mpamene panagona vuto. Maola a m'kalasi anali ambiri, a mu wodi ochepa zedi. Kumeneko odwala ankalankhula chinenero chimene iye sankachimva, choncho ankangoima kumbuyo n'kumaonerera. Ku matenite anangodutsako. Ndinamufunsa chimene angachite mwana wa malungo aakulu atafika akukomoka usiku, kilinikoofesala ali kutali. Anangoti zii. Sanali wopusa ayi, kungoti kumene anaphunzirako malungo ankawawerenga m'buku mokha. Komatu mayeso a laisensi amafunsa za odwala athu: malungo, TB, ma ARV, mwana wonyentchera, mayi amene akutaya magazi atachira. Ndipo namwino wa pa chipatala chaching'ono cha kumudzi nthawi zambiri amakhala yekha, palibe womufunsa.

Madokotala nawo asadzinamize. Wophunzira kunja amayamba wayesedwa ndi khonsolo, kenako amagwira ntchito moyang'aniridwa pa chipatala chachikulu ngati Queens asanaloledwe kuima payekha.

Chonde makolo, musanapereke ngakhale tambala, lemberani khonsolo, mutchule dzina la sukulu ndi la kosi, mufunse ngati imavomerezeka. Yankho likhale la pa pepala, osati la pakamwa. Funsaninso ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, limene limaunika mapepala a sukulu zakunja. Dobadoba akamati "malo akutha, lipirani lero, za khonsolo tidzakonza," dziwani kuti akufuna ndalama zanu basi. Mwana amene ali kale kunjako asainitse maola ake onse a mu wodi asanakwere ndege, chifukwa kuitanitsa mapepala uli kuno kumadya miyezi, nzeru za m'kalasi zikuuluka.

Mtsikana uja anakana kupita kokagulitsa mankhwala mobisa kumene wina anamuitanira. Pano akudikirabe kalata yochokera ku sukulu yake, uku akuthandiza mayi ake kuthyola tiyi.