Galamala yolamula ndi galamala yofotokoza: komwe mkanganowu unachokera

Ophunzira ambiri a chaka choyamba amabwera akudziwa galamala ya mtundu umodzi, ija ya cholembera chofiira: nena chonchi, usanene chonchi. Imeneyi tiziitcha galamala yolamula. Pali inanso, yofotokoza, yomwe ntchito yake ndi kumvetsera mmene eni chiyankhulo amayankhulira, kenaka n'kulemba dongosolo limene akutsata, ngakhale iwo eni sangathe kulitchula.

Yolamulayi inakula chifukwa cha Chilatini. Ufumu wa Aroma utatha, Chilatini cha m'mabuku chinakhalabe chiyankhulo cha tchalitchi ndi sukulu ku Ulaya kwa zaka mazana ambiri, koma chinaleka kukhala chiyankhulo chimene mwana amayamwira. Aliyense ankachiphunzira poloweza malamulo a m'mabuku a Donatus ndi Priscian, akatswiri akale a galamala ya Chilatini, ndipo pamenepo kulamula kunali koyenera, poti panalibe mwini chiyankhulo woti n'kumufunsa.

Pali mndandanda wakale wotchedwa Appendix Probi, wa mawu 227 amene mlembi wina ankawongolera. Pena analemba kuti khutu ndi "auris", osati "oricla". Anthu sanamumvere. Mawu olakwika aja ndi amene anabala "oreille" wa Chifalansa ndi "oreja" wa Chisipanishi. Lero akatswiri amaukonda mndandandawu chifukwa cha zolakwikazo, pakuti ndizo zikusonyeza mmene anthu wamba ankayankhulira.

Olemba galamala za ziyankhulo zamoyo anatengera mtima womwewo. Robert Lowth, yemwe buku lake la galamala ya Chingerezi linatuluka koyamba mu 1762, anaphunzitsa kuti mawu awiri okana akakumana amafafanizana, chiganizo n'kusanduka chovomera. Komatu Chaucer, mlakatuli wotchuka wa Chingerezi chakale, ankaunjika mawu okana pofuna kutsindika, ndipo pa Chisipanishi kukana kawiri ndiye kayankhulidwe ka tsiku ndi tsiku. Pa Chichewa, "Palibe amene sanabwere" ndiye kuti onse anabwera. Apa mawu okana afafanizanadi. Choncho kuganiza mwa masamu, kuti kukana kawiri n'kuvomera basi, sikungatiuze yankho. Tiyenera kufunsa chimene womvera wa chiyankhulo chimenecho amamva.

Maganizo amenewa analimba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Franz Boas, pofufuza ziyankhulo za eni nthaka a ku America, anaona kuti sizikulowa m'chikombole cha Chilatini, ndipo mu 1911 analimbikitsa kuti chiyankhulo chilichonse chifotokozedwe potengera dongosolo lake. Maphunziro a Ferdinand de Saussure, osindikizidwa mu 1916 iye atamwalira, anaikanso chiyankhulo cha pakamwa patsogolo pa cholembedwa.

Tsono tiyeni tiyese pa chiyankhulo chathu. Taonani ziganizo zitatu izi: "Mwana ali kulira", "Mwana akulira", "Mwana chikulira". Choyamba chimamveka chachikale, cha m'mabuku akale. Chachiwiri chinachokera ku choyambacho anthu atameza "li", ndipo lero palibe mphunzitsi amene angachichonge. Chachitatu palibe mwini chiyankhulo amene amachinena, ngakhale amene sanapondeko m'kalasi, chifukwa dzina loti "mwana" limafuna mgwirizano wa gulu lake pa mneni. Wofotokoza amati chachitatu chokhacho ndiye chophwanya galamala, ndipo m'zolemba zake amachiika kanyenyezi kutsogolo. Apa muone kuti naye ali ndi malamulo. Amene amati galamala yofotokoza imalola chilichonse sanaimvetse.

Nanga "l" ndi "r"? Kusukulu tinaphunzira kuti "r" amalembedwa pambuyo pa "i" kapena "e", n'chifukwa chake timalemba "kulira" ndi "kubwera" koma "kugula". Limeneli ndi lamulo la kalembedwe, anthu anachita kugwirizana. Pakamwa, wina akati "kubwela" tanthauzo silisintha, chifukwa pa Chichewa "l" ndi "r" sasiyanitsa mawu. Mkonzi wa nyuzipepala akakonza "kubwela" sanalakwe. Owerenga ambirimbiri amafuna kalembedwe kamodzi, ndipo pa mayeso inunso mudzatsata lamuloli. Kulakwa kumabwera pamene tiyamba kunena kuti agogo amene amatchula mwanjira ina sadziwa chiyankhulo chawo. Nthawi zambiri kayankhulidwe kamene kamasankhidwa kukhala ka m'mabuku ndi ka anthu amene anali ndi mphamvu pa nthawiyo, osati kamene kanaposa kanzake pa dongosolo.

Mukakumana ndi lamulo lililonse, funsani kuti: kodi eni chiyankhulo amaliphwanya akamacheza momasuka? Ngati saliphwanya ngakhale sanaphunzitsidwe, ndi la galamala ya m'mutu mwawo, monga mgwirizano uja. Ngati mphunzitsi amachita kulibwereza chaka ndi chaka, ndi lolamula. Phunziro likudzali tisanakumane, mvetserani anzanu akucheza, mulembe ziganizo 10 monga momwe zatulukira, osakonza kanthu, ndipo pa chilichonse musonyeze chimene mphunzitsi akanachonga ndi chifukwa chake.