Musanapemphe chikonzero cha phunziro, nenani zinthu zinayi izi

Ife alangizi a aphunzitsi kuno ku Chigwa cha Shire timalandira uthenga wamtundu umodzi kawirikawiri, makamaka Lamlungu madzulo: “Bwana, mundithandizeko lesoni pulani ya mawa.” Uthengawo umathera pomwepo. Olemba amakhala aphunzitsi amene akuphunzira kumene ntchito, aphunzitsi ongodzipereka, nthawi zina makolo ofuna kuthandiza mwana kunyumba. Ena amakhumudwa tikabweza mafunso, amati tikuwaumira. Sikuumira ayi. Chikonzero cha phunziro chili ngati malaya, telala sangadule nsalu asanadziwe msinkhu wa wovala.

Tiyambe ndi kalasi ndi phunziro. Tinene kuti munthu watchula mutu wokha, kusefukira kwa madzi, nkhani imene mwana wa ku Makhanga kapena ku Bangula amaidziwa bwino kuposa buku, chifukwa anaiona ndi maso pa namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Mutu womwewu m'phunziro la Chichewa ku Sitandade 4 ukhoza kukhala nthano yowerenga, ndipo chofunika n'chakuti mwana awerenge mosadodoma ndi kuyankha mafunso. Ku Fomu 3 m'phunziro la Jogalafe, wophunzira ayenera kufotokoza chifukwa chake mvula yogwa ku Mulanje ndi ku Thyolo imadzaza Ruo, Ruo n'kukathira mu Shire pa Chiromo, madzi n'kumwazikira m'midzi. Zolinga, zipangizo, ngakhale chiyankhulo chophunzitsira, zonse n'zosiyana.

Mutu nawonso uyenera kukhala wopapatiza. Kunena kuti “Masamu, kuchotsera” sikukwanira, chifukwa kuchotsera kumaphunzitsidwa zaka zingapo. Tikufuna kagawo kamene kali mu sikimu yanu sabata imeneyo, ndi pamene munalekezera dzulo.

Tsono nthawi. Piriyodi ya Sitandade 1 ndi 2 imakhala mphindi 30, makalasi otsatira mphindi 35, ku sekondale mphindi 40. Mphindi zisanu zimaoneka zochepa, koma ndi zimene zimasiyanitsa phunziro lotha bwino ndi lodulidwa ndi belu.

Taonani chitsanzo. Mphunzitsi walemba kuti: Sitandade 3, Masamu, kuchotsera mobwereka, mphindi 35, ana pafupifupi 90, dzulo tinachotsera mosabwereka. Apa ndiye ndikhoza kugwira cholembera. Mphindi 5 zoyamba tibwereze za dzulo ndi samu ngati 58 − 23. Mphindi 10 zotsatira mphunzitsi aonetse 53 − 27 ndi timitengo: mitolo isanu ya timitengo khumikhumi ndi titatu tapadera. Pa titatu sitingachotse tisanu ndi tiwiri, ndiye mwana mmodzi abwere kutsogolo adzamasule mtolo umodzi, patsale mitolo inayi ndi timitengo 13. Kumasula mtoloko ndiye phunziro lonse, musakuthamangire. Kenako mphindi 12 ana achite okha m'magulu ndi mitolo yawo, mphindi 5 aliyense alembe samu ziwiri m'kope, mphindi 3 zomaliza timangirire mfundo.

Sindinasankhe 53 − 27 mwachisawawa. Yankho lake ndi 26. Mwana akalemba 34, dziwani kuti wangochotsa nambala yaing'ono pa yaikulu, 3 pa 7, osabwereka konse. Akalemba 36, anabwereka ndithu koma waiwala kuti mitolo yatsala inayi. Mukanapereka 52 − 27, ana onse awiriwa akanalemba 35, inu osadziwa amene wasokonekera pati. Zoterezi munthu sangazikonze asanauzidwe kalasi ndi mutu.

Nanga mukangotenga chikonzero cha mnzanu chimene chinalembedwera piriyodi ziwiri zotsatizana? Chimaoneka msanga tikabwera kudzaonerera. Belu limalira mphunzitsi akadali pa bolodi kufotokoza, ana sanagwireko timitengo, m'makope mulibe kanthu. Chimene chimatayika nthawi zonse ndi gawo lomaliza, lomwe likanamuuza mphunzitsi ngati ana amva. Ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha kwa ku Ngabu ndi ku Nchalo kukafika pachimake, piriyodi ya chakumasana sumayiwerengera yonse. Ntchito yofuna kuganiza kwambiri iikeni kumayambiriro.

Pali chinanso chimene ndimakonda kumva ngakhale sichili pa zinayi zija: ana amayankhula chiyani kunyumba. M'sukulu zambiri za ku Nsanje mwana amafika ndi Chisena, choncho ndimasiya mphindi ziwiri zotsimikizira kuti malangizo a ntchito ya m'magulu amveka, ana asanabalalike.

Choncho uthenga wanu ukhale wotere: “Bwana, ndikupempha chikonzero cha Sitandade 3, Masamu, kuchotsera mobwereka, mphindi 35. Ana alipo 90, timaphunzirira pansi pa mtengo, buku la mphunzitsi ndilibe koma sikimu ndili nayo.” Mukaonjezera tsamba la buku la ophunzira pamene mwafika, ndikuyankhani usiku womwewo.