Bandulo ikadalipo, koma deta yaikulu ikutha: mafunso a ku Mchinji

Ndagula bandulo ya WhatsApp ndi Facebook, koma mayunitsi anga aphwa. Andibera?

Kawirikawiri ayi. Kampani ya foni siiona apu yomwe mwatsegula. Imaona adiresi ya makina omwe foni yanu ikulumikizana nawo, n'kuifananitsa ndi mndandanda wake. Adiresiyo ikakhala ya WhatsApp kapena Facebook, amadula pa banduloyo. Ikakhala ina, amadula pa deta yaikulu, ndipo ngati mulibe, akhoza kulowa m'mayunitsi.

Tiyerekeze kuti mukugulitsa mtedza pa Kamwendo, mnzanu wakutumizirani vidiyo ya 20MB pa gulu la WhatsApp. Imeneyo ndi ya bandulo. Kenako watumiza linki ya YouTube, mwadina, mwaonera 80MB. Inu mukuti simunatuluke mu WhatsApp, koma vidiyoyo yachokera ku makina a Google. Nkhani ya nyuzipepala yomwe mwaitsegula kudzera pa Facebook nayonso chimodzimodzi, ngakhale ikuonekera m'kati mwa apu momwemo.

Nanga ndikakhala kuti sindinadine linki?

Foni imadya yokha mutagona. Play Store imasintha maapu, ndipo WhatsApp imasunga macheza anu ku Google Drive, komwe si kwa WhatsApp. Mu Play Store pezani Auto-update apps musankhe Wi-Fi yokha, ndipo mu Chat backup muzimitse kusunga kudzera pa deta.

Chinanso chomwe chimaba mwakachetechete ndi VPN, apu yobisa komwe mukulowa pa intaneti. Ikayaka, zonse zimadutsa pa adiresi yake, kampani siizindikiranso kuti uyu ndi WhatsApp. Mukaona kachizindikiro ka kiyi pamwamba pa foni, bandulo yanu ingokhala osakhudzidwa mpaka tsiku lake litakwana.

Bandulo ya usiku imayamba ndikangogula?

Imayamba pa ola lomwe lalembedwa mu uthenga wogulira, potengera wotchi ya netiweki, osati yanuyo. Netiweki imapatsa foni deta m'magawo, choncho mukayamba kukopera ola lisanakwane, gawo loyambalo likhoza kudulidwa kwina. Dikirani mphindi ziwiri, zimitsani deta, yatsaninso. M'mawa ndiye poopsa: fayilo ya 900MB ikafika pa 600MB nthawi n'kutha, siima yokha. Zotsala 300MB zidya deta yaikulu inu muli m'tulo.

Ndingadziwe bwanji komwe akudula?

Onani zotsala pa mabandulo onse, tsegulani apu imodzi kwa mphindi zisanu, dikirani pang'ono chifukwa manambala amachedwa kusintha, onaninso. Yomwe yatsika ndiyo ikudyedwa.

A kufupi ndi chipata cha Mwami, muziyang'ananso dzina la netiweki. Foni ikagwira ya ku Zambia, bandulo wamba ya kuno siigwira ntchito, kaya ya usiku kaya ya WhatsApp. Zimitsani Data roaming musanakwere njinga yopita kumalireko.