Chiwongola dzanja chikakwera, bondi yakale imatsika mtengo

Anthu amene amabwera kudzandifunsa za kosunga ndalama, ambiri amakhulupirira kuti bondi ya boma, chikalata chosonyeza kuti mwakongoza boma ndalama, siingawaluzitse. Ndimawauza kuti zimenezo n'zoona pokhapokha ngati angathe kudikira mpaka tsiku lobweza. Amene angafune ndalama yake msanga ayenera kudziwa zimene zinachitika ku Amereka mu 2022.

Kumayambiriro kwa chaka chimenecho, banki yaikulu ya dzikolo, Federal Reserve, inali ndi chiwongola dzanja chapafupifupi ziro. Mitengo ya zinthu itayamba kuthamanga, bankiyo inayamba kukweza mu Malichi 2022, ndipo pofika Julayi 2023 chinali pakati pa 5.25 ndi 5.50 peresenti.

Bondi ndi chikalata chosonyeza kuti mwakongoza boma kapena kampani. Tiyerekeze kuti mwagula ya madola 1,000, ya zaka 10, yolipira 2 peresenti. Chaka chilichonse mulandira madola 20, ndipo pamapeto akubwezerani 1,000 yanu. Musanakhale nayo nthawi, chiwongola dzanja chakwera, ndipo boma lomwelo layamba kugulitsa mabondi atsopano olipira 4 peresenti, kutanthauza madola 40 pachaka. Mukapita nayo yanuyo kumsika, ndani angakupatseni 1,000 pomwe pafupi pomwepo pali yolipira kawiri? Wogula adzanenerera mpaka phindu lake lifanane ndi la yatsopano, ndipo masamu ake amafika pa madola pafupifupi 838. Boma silinalephere kulipira, chikalata n'chomwecho, koma madola 162 apita. Bondi yotsala ndi chaka chimodzi ikanangotsika ndi madola osakwana 20. Ichi n'chifukwa chake ndimayamba kufunsa zaka zimene zatsala ndisanafunse n'komwe phindu lake.

Silicon Valley Bank, banki ina ya ku Amereka, inagwa ndi masamu omwewa. Inaika ndalama zambiri za makasitomala m'mabondi a zaka zambiri pa nthawi imene chiwongola dzanja chinali pansi. Makasitomala atayamba kutapa ndalama zawo, inakakamizika kugulitsa mabondi a madola 21 biliyoni n'kuluza pafupifupi 1.8 biliyoni. Nkhani itamveka anthu anathamangira kukatulutsa zotsala, ndipo pa 10 Malichi 2023 boma linaitseka.

Masheya amakhudzidwa ndi kuyerekeza komweku. Ngati kukongoza boma kukupereka 4 kapena 5 peresenti popanda kugona ndi nkhawa, munthu salolanso kulipira mtengo wokwera pa kampani imene phindu lake lidzabwera zaka zambiri kutsogolo. Kampaniyonso ngongole zake zimadula, ndipo ogula katundu wake amamanga thumba. Mu 2022 mlingo wa S&P 500, umene umayeza makampani akuluakulu 500, unatsika ndi pafupifupi 19 peresenti, ndipo makampani a zaukadaulo ndiwo anavulala kwambiri.

Ndalama nazo zimatsata kumene kuli phindu. Banki yaikulu ya ku Japan inasiya chiwongola dzanja chake pansi pa ziro chaka chonsecho, choncho anthu ankagulitsa yeni n'kugula dola. Mu Januwale 2022 dola imodzi inkagula mayeni pafupifupi 115. Pofika Okutobala inadutsa 150. Mayiko amene amagula mafuta ndi feteleza ndi madola, kuphatikizapo Malawi, anamva kulemera kwake.

Koma musatenge dongosolo limeneli n'kuliika pa kwacha osaganiza. Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongola dzanja kuchoka pa 12 peresenti kumayambiriro kwa 2022 kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024, koma kwacha sinalimbe. Inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chifukwa chake n'chakuti wobwera ndi madola amayang'ana zinthu ziwiri: chotsala akachotsera kukwera kwa mitengo, komanso ngati adzapeze madola potuluka. Mitengo ikamakwera mofulumira kuposa chiwongola dzanja, wokongoza amaluza ngakhale papepala pakuoneka phindu lalikulu. Masheyanso kwathu kuno sanatsike ngati ku Amereka. Mabanki, amene ndi mbali yaikulu ya msika wa masheya wa ku Blantyre, amakongoza boma ndalama zochuluka, ndiye chiwongola dzanja chikakwera phindu lawo limanenepa. Amene zimamupweteka ndi wabizinesi wa ngongole ya kubanki, chifukwa ndalama yobweza pamwezi imakwera pomwe malonda sanasinthe.

Chinthu chinanso chimene chimasokoneza anthu ndi tsiku lolengeza chiwongola dzanja chatsopano. Nthawi zina banki yaikulu imakweza, msika osagwedezeka, mwinanso masheya kukwera kumene. Ogulitsa ndi ogula amakhala atayembekezera kale ndipo mitengo inasintha masabata apitawo. Chimene chimasuntha msika tsiku limenelo ndi kusiyana kwa zimene amayembekezera ndi zimene zalengezedwa, komanso mawu a bwanamkubwa wa bankiyo onena za miyezi ikubwerayo.